Ndemanga: Kodi kampani ikhala ikuyendabe chaka chamawa?

Lipoti la chuma la kampani iliyonse limalembedwa poganiza kuti bizinesiyo ipitirira, osachepera miyezi 12 kuchokera tsiku lotseka mabuku. Ndiye chifukwa chake makina a pafakitale amalembedwa pa mtengo wogulira, kuchotsapo kutha kwake chaka ndi chaka. Kampani ikakhala kuti ikutsekedwa, makina omwewo ayenera kuwerengedwa pa mtengo womwe angagulidwe mofulumira, womwe nthawi zambiri umakhala wotsika kwambiri.

Oyamba kuyankha funso lakuti kampani ipitirira ndi akuluakulu ake. Ntchito ya maodita, malinga ndi ndondomeko ya ISA 570, ndi kuyesa yankholo ngati lili ndi umboni.

Taonani za Carillion, kampani yomanga ya ku Britain. Mu Malichi 2017, maodita a KPMG adasaina lipoti lake la 2016 popanda chenjezo. Mu Julaye kampaniyo idalengeza kuti ntchito zake zina ziiluzitsa mapaundi 845 miliyoni. Pa 15 Januwale 2018 idagwa, ili ndi ngongole pafupifupi mapaundi 7 biliyoni, koma ndalama m'manja mapaundi 29 miliyoni okha.

Zizindikiro zidalipo kale. Ngongole zinkakula chaka ndi chaka, oigulitsa katundu ankadikira mpaka masiku 120 kuti alipidwe, ndipo phindu lambiri linali la ntchito zomwe ndalama zake zinali zisanalowe. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kampani siimalipira antchito ndi phindu la papepala.

Odita akakayikira, amapempha ndondomeko ya ndalama zomwe zilowe ndi kutuluka mwezi ndi mwezi, n'kuiyesa. Bwanji kasitomala wamkulu atachedwa kulipira miyezi itatu, malipiro atuluka? Amawerenga mapangano a ngongole kuti aone ngati banki ili ndi mphamvu yoitanitsa ndalama zake nthawi isanakwane. Akuluakulu akanena kuti eni kampani athandiza, odita amafuna kalata, komanso umboni woti eniakewo ndalamazo ali nazodi.

Chikaiko chachikulu chikatsalabe, koma kampani yachifotokoza bwino m'lipoti, odita amavomereza mabukuwo n'kuikapo ndime yapadera yochenjeza owerenga. Kampani ikachibisa, odita amalemba kuti lipotilo lili ndi chilema, kapena kuti silikupereka chithunzi choona.

Ena amaopa kuti chenjezo lotere limathamangitsa mabanki n'kufulumizitsa imfa ya kampani. Komatu kukhala chete kumapweteka antchito ndi amalonda ang'onoang'ono omwe amapitiriza kupereka katundu pangongole. Mu 2023 KPMG idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 21 miliyoni chifukwa cha ntchito yake ku Carillion.

Choncho inu amene muli ndi masheya, kapena mumapereka katundu pangongole, mukalandira lipoti la pachaka musathamangire tsamba la phindu. Yambani mwawerenga zomwe odita walemba.