Za Kaisara ndi za mwini sitolo pa invoyisi imodzi

M'chaka cha 2023, mvula ili pafupi kugwa, ndinaima m'sitolo ina yaing'ono yogulitsa zomangira nyumba, m'mene mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, amene anauzidwa dzulo lake kuti lata limodzi ndi K20,000, anafika ndi K200,000 m'thumba kuti agule malata khumi, koma atalandira invoyisi anapeza kuti pansi pake palembedwa K256,300. Mkuluyo anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso, ndipo anafunsa mofatsa kuti, "Kodi mwana wanga, ndalama zinazi zamera kuti usiku umodzi wokha?"

Mwini sitoloyo sanapse mtima, koma anayala pepalalo pa tebulo, nayendetsa chala mzere ndi mzere. "Aphunzitsi," anatero, "malata anu ndi K200,000 monga ndinanenera. Iyi K20,000 ndi yowadula pa muyeso wa denga lanu ndi kuwapereka kwanu pa galimoto. Zonse pamodzi ndi K220,000, ndipo pa K100 iliyonse boma limatengapo K16.50, ndiye K36,300 mukuionayi." Pakuti msonkho wa VAT, umene pa nthawiyo unali 16.5 peresenti, sugwera katundu yekha, koma umagweranso ntchito imene wamalonda wachitira munthu, kotero kuti K33,000 inali ya malata, ndipo K3,300 inali ya kudula ndi kunyamula kuja.

Tikaima kumbali ya mwini sitolo, tipeza kuti mlandu wake ngwopepuka kusiyana ndi mmene ogula ambiri amaganizira, chifukwa iye ndi wamthenga chabe amene lamulo lam'senzetsa ntchito yotolera msonkho ndi kukautula ku bungwe la MRA mwezi ndi mwezi. Anafotokozanso kuti pamene ankapikula malatawo pa K160,000, nayenso analipira VAT ya K26,400 kwa omugulitsa, ndipo ndalamayo akaichotsa pa K36,300, zotsala K9,900 ndizo akapereke ku boma. Motero msonkho wonse umakafika kwa Kaisara m'zigawo ziwiri, osatsalako ngakhale tambala m'thumba mwake. Ndalama yonyamulira nayo siyakuba, popeza galimoto imamwa mafuta, ndipo mnyamata wogwira sizasi yodulira malata ali ndi pakamwa podyetsa.

Komabe mphunzitsiyo sanadandaule pachabe. Munthu akafunsa mtengo amafuna kudziwa ndalama imene ituluke m'thumba mwake, ndipo amene wauzidwa K20,000 pamene mtengo weniweni wa lata pamodzi ndi msonkho ndi K23,300, wauzidwa choonadi chodukiza, chimene chimapweteka ngati bodza lomwe. Chachiwiri n'chakuti mizere iwiriyi, ngakhale yagona moyandikana pa pepala limodzi, siili ya mtundu umodzi: msonkho ndi lamulo limene wogula ndi wogulitsa sangalinenerere, koma ndalama ya ntchito ndi pangano la anthu awiri, limene munthu angathe kulikana, kapena kupempha kuti litsike. Mphunzitsiyo anali ndi mphwake wa ngolo amene akanam'nyamulira malatawo, ndipo akanauzidwa msanga, gawo lalikulu la K20,000 ija, pamodzi ndi msonkho wake, likanakhala m'thumba mwake.

Palinso chinthu china chimene chimachititsa ogula kukayika, ndicho chakuti alipo amalonda ena amene amalemba VAT ndi cholembera pa kapepala wamba pamene sanalembetse ku MRA kuti azitolera msonkhowo, ndipo ndalamayo imathera m'mimba mwawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wogula ayang'ane ngati lisiti lili ndi dzina la sitolo, nambala ya TPIN, tsiku, ndi msonkho wolembedwa pawokha, achulukitse yekha mtengo ndi mulingo wa msonkho wa nthawiyo, ndipo akapatsidwa mwayi wogula motsika mtengo popanda lisiti, adziwe kuti tsiku limene malata adzapezeke opyapyala kusiyana ndi amene anagwirizana, sadzakhala ndi umboni m'manja. Lisiti la mphunzitsi uja linatuluka m'makina a EFD, ndipo zonsezi zinalipo.

Tikayeza mbali ziwirizi pa sikelo, tiona kuti mwini sitoloyo analungama pa masamu koma anachedwa pa kulankhula, pakuti mawu abwino amene ananena ndalama zitaperewera anayenera kuwanena dzulo lake, pamene mkuluyo anafunsa mtengo. Inu amalonda, tchulani mtengo wonse pamodzi ndi msonkho munthu asanapise m'thumba, ndipo ntchito iliyonse yoonjezera muyambe mwam'funsa ngati akuifuna. Nanunso ogula, musachite manyazi kufunsa tanthauzo la mzere uliwonse musanalipire, pakuti safunsa anadya phula.