Kuwerenga zodyedwa si kudziwa tchesi

Chilipo chizolowezi china pakati pa osewera tchesi chimene chimandisowetsa mtendere. Masewera akafika pakati, munthu amasiya kuyang'ana pa bolodi n'kuyamba kuyang'ana m'mbali mwa tebulo, pamene wandandalika zida zimene wadya. Amazifoletsa bwinobwino, maponi kutsogolo, akavalo kumbuyo, ndipo wina akafunsa kuti zikuyenda bwanji, yankho limakhala lakuti, “Ndili pamwamba ndi ziwiri.” Oonerera nawonso amagwedeza mitu n'kupita patebulo lina, poti kwa iwo mlandu watha. Nanga zida zimene zili m'mbali mwa tebulozo zikusewera ndi yani? Masewera ali pa bolodi, abale anga, ndipo zimene zatsala pamenepo n'zimene zikagamule mlandu.

Sindikunyoza masamu ayi. Mitengo imene tonse tinaloweza ndi yothandiza: poni ndi pointi 1, kavalo 3, bishopu 3, ruku 5, kwini 9, ndipo mfumu ilibe mtengo chifukwa ikagwidwa zonse zathera pomwepo. Dandaulo langa, limene ndakhala nalo kuyambira kale, lili pa aphunzitsi amene amaloweza ana manambalawa ngati ndondomeko yochulukitsa ya ku pulayimale n'kulekera pomwepo. Mwana amakula akukhulupirira kuti ruku ndi 5 kulikonse kumene ili, ngakhale itapanikizika pakona kumbuyo kwa maponi ake omwe. Koma manambalawa amangonena zimene chida chimachita kawirikawiri chikapeza njira. Mlimi amene walemba aganyu asanu, awiri n'kukhala pansi pa mtengo tsiku lonse, madzulo amawerenga mizere imene yalimidwa osati mitu ya anthu.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza atenge bolodi, tiike masewera amene anachitika pa mpikisano wa ku Zurich, m'dziko la Switzerland, m'chaka cha 1953. Unali mpikisano wa akatswiri 15 wofuna kupeza woti akalimbane ndi ngwazi ya dziko lonse, ndipo anapambana ndi Vasily Smyslov. Masewera amene ndikunena anali a Samuel Reshevsky wa ku America, amene anali ndi zoyera, ndi Tigran Petrosian wa ku Soviet Union, amene anali ndi zakuda ndipo pambuyo pake anadzakhala ngwazi ya dziko lonse kuyambira 1963 mpaka 1969.

Reshevsky atasuntha ka 25, zinthu zinali chonchi. Zoyera: mfumu pa g1, kwini pa f4, maruku pa e1 ndi e3, mabishopu pa b2 ndi g4, maponi pa a3, c3, d4, e5, g2 ndi h2. Zakuda: mfumu pa g8, kwini pa e8, maruku pa d8 ndi e7, kavalo pa c6, bishopu pa g6, maponi pa a5, b5, c4, f7, g7 ndi h7. Mukawerenga mupeza 31 uku, 31 uku. Wowerenga zodyedwa anena kuti palibe ali pamwamba, koma amenewo ndi maso a munthu wodutsa. Zakuda zinali pa moto. Maponi awiri a zoyera, wa pa d4 ndi wa pa e5, anali okonzeka kuguba, ndipo akanangoyamba kuyenda akanabalalitsa zida zakuda n'kutsegulira njira maruku awiri aja pamodzi ndi bishopu wa pa b2.

Petrosian anaona kuti mankhwala ake ndi kuika kavalo pa d5, kutsogolo kwenikweni kwa poni wa pa d4. Njira ya kavaloyo inali yodzera pa e7, pamene panali ruku yake yomwe. Ruku inayenera kuchoka, koma ikanangopita pena paliponse, poni wa pa e5 akanakhala ndi mpata wolowa pa e6. Ndiye anaiika pa e6 pomwepo, pakamwa pa bishopu wa pa g4. Kwa osazolowera kalembedwe ka tchesi, R ndi ruku, N ndi kavalo, B ndi bishopu, Q ndi kwini, ndipo x akutanthauza kudya:

```
25. ...   Re6
26. a4    Ne7
27. Bxe6  fxe6
28. Qf1   Nd5
```

Onani kuti Reshevsky sanathamangire kudya. Anayamba wayesa kusokoneza mbali ina ndi poni wa pa a3, kenako n'kudya. Tsopano werenganinso. Zoyera zataya bishopu ndipo zatsala ndi 28. Zakuda zataya ruku ndipo zatsala ndi 26. Mnzathu uja akanakhala pampando wa Reshevsky akanaimirira n'kuyamba kuuza oonerera kuti ali pamwamba ndi ziwiri.

Apa ndi pamene kuwerenga kwachiwiri kumayambira, ndipo sikovuta. Mumatenga chida chilichonse n'kuchifunsa kumene chingapite. Bishopu woyera wa pa b2 ali ndi timabokosi titatu tokha: a1, c1 ndi a3. Njira yake yaikulu yatsekedwa ndi maponi ake omwe a pa c3, d4 ndi e5, amene onse aima pa timabokosi takuda, tomwe iye amayendamo. Kavalo wakuda wa pa d5 akuloza timabokosi 8, kuphatikizapo c3 pamene pali poni ndi e3 pamene pali ruku. Bishopu wakuda wa pa g6 ali ndi timabokosi 7, ndipo njira yake ndi yoyera mpaka pa b1. M'buku la mitengo zida zitatu zonsezi ndi 3, 3, 3. Ndani angavomere kuti zikugwira ntchito yofanana?

Komabe kuwerenga timabokosi pakokha sikokwanira, chifukwa chida chikhoza kuoneka chokangalika pano, n'kuthamangitsidwa pa kusuntha kotsatira. Funso lalikulu ndi lakuti, kodi kavalo ameneyu angachotsedwe ndi chiyani? Poni amadya chopendekera kutsogolo, choncho woti aopseze d5 ayenera kuima pa c4 kapena pa e4. Poni wa pa c3 sangayende chifukwa pa c4 pali poni wakuda. Poni wa mzere wa e anadutsa kale, ali pa e5, ndipo poni sabwerera m'mbuyo. Kabokosi ka d5 n'koyera, ndipo bishopu amene amayenda pa timabokosi toyera ndi uja Reshevsky anamupereka podya ruku. Akavalo alibe. Ndiye kuti chida chokhacho chimene chingadye kavaloyo ndi ruku kapena kwini, kumene kuli kubweza ngongole ndi chiwongoladzanja chomwe.

Nanga maruku awiri aja, mapointi 10 athunthu? Ruku imadya bwino pamene pali mizere yotseguka. Pa bolodi limeneli mzere wopanda poni ndi umodzi wokha, wa f, ndipo makomo ake olowera atsekedwa: f7 akuyang'anira mfumu, kwini ndi bishopu, pamene f8 akuyang'anira mfumu ndi kwini. Mapointi awiri aja alipo ndithu, koma alibe pogwira ntchito. Zimene zinatsatira zikuchitira umboni:

```
29. Rf3   Bd3
30. Rxd3  cxd3
31. Qxd3  b4
```

Bishopu atalowa pa d3 n'kuloza kwini, Reshevsky, amene sanali munthu wopereka zinthu mwachisawawa, anabweza ruku yekha posinthana ndi bishopuyo, n'kudyanso poni. Kuwerenga kunafika pa 23 kwa 22, zoyera zili pamwamba ndi poni mmodzi, koma kavalo uja anali akadali pa d5 ndipo bishopu wa zoyera anali akadali wosauka. Pa kusuntha kwa 41 anagwirana chanza kuti alepherana. Petrosian sanapambane, ndipo sindikufuna kumukometsera kuposa pamenepa. Anapulumutsa masewera amene anali kupita kumanda, ndipo anatero pogula kabokosi kamodzi ndi mapointi awiri.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pa tchesi mwambi umenewu ndimaukonda kwabasi. Anthu ambiri amagonja ali pamwamba pa masamu. Kwini amapita kukatola poni pa b2 kapena pa b7, n'kutaya kusuntha kutatu pobwerera, pamene mdani akutulutsa zida zake zonse. Pofika nthawi imene nkhondo yabuka pafupi ndi mfumu, oukira amakhala anayi, otchinjiriza awiri, ndipo ruku ya pa a8 imene sinasunthepo chiyambire imaonerera mwambo wa maliro ili ndi mapointi ake 5 osakhudzidwa. Pa nthawi ngati imeneyo chowerenga chenicheni ndi zida zimene zingafike kumene kuli nkhondo m'kusuntha kumodzi kapena kuwiri.

Koma pali gulu linanso limene limandikwiyitsa mofanana, la achinyamata amene anamva kuti akatswiri amapereka maruku. Amenewa amataya chida, n'kukuuzani mwamatama kuti apeza “mphamvu”. Mukawafunsa kuti mphamvuyo ili pa kabokosi kati, amayang'ana kudenga. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Pa bolodi la ku Zurich lija, chotsani maponi akuda a pa b5 ndi c4 m'maganizo mwanu. Zoyera zichotsa ruku pa e3, zikankha poni kufika pa c4, kavalo athawa, poni wa pa d4 ayamba kuyenda, bishopu wa pa b2 adzuka, ndipo zakuda zingotsala ndi ngongole popanda chogwira. Kukangalika kwa zida kumatha msanga ngati palibe chokuchirikiza, pamene chida chimene wadya sichibwerera. N'chifukwa chake amene ali pamwamba pa masamu amafunafuna kusinthana zida, makamaka makwini. Bolodi likamapepuka mizere imatseguka, ndipo ruku imayambanso kuonetsa chifukwa chimene anaipatsira 5.

Choncho mukafuna kudziwa amene ali bwino pakati pa masewera, yambani ndi masamu, koma muwerenge zimene zili pa bolodi. Kenako funsani chida chilichonse kumene chingapite, ndipo chimene chili m'ndende muchione ngati chotsika mtengo. Pomaliza funsani kuti ndendeyo ingatseguke m'kusuntha kungati, ndipo chida chimene chikulamulira chingathamangitsidwe ndi chiyani. Ngati yankho ndi kusuntha kumodzi kapena kuwiri, khulupirirani masamu. Ngati palibe njira, monga zinalili ndi kavalo wa Petrosian, masamu akukunamizani.

Ndipo inu aphunzitsi a tchesi m'masukulu ndi m'makalabu, tsiku limene mukuphunzitsa ana kuti ruku ndi 5, muwaikirenso bolodi la ku Zurich lija, muwauze awerenge okha timabokosi ta bishopu wa pa b2.