Moni wa pasiwa usakhale funso

Msewu wochoka ku Nkhotakota kukwera ku Ntchisi, ngakhalenso wochoka ku Salima kudzera pa Mvera, sunyamula usipa ndi mpunga wokha. Wanyamulanso ana athu amene anakwatira ndi kukwatiwa kumapiriko, kumene Asilamu ndi ochepa. Choncho uthenga wa maliro ukamveka, ambiri a ife timakafika pasiwa pa apongozi amene ndi Akhristu kapena otsata gule wamkulu. Pamenepo ena lilime limauma, ena amangoima patali poopa kulakwira chipembedzo. Ife tikuti kudutsa namfedwa osampatsa moni ndiko kulakwa.

Taganizirani mayi wogulitsa usipa amene wafika pa Ntchisi n'kumva kuti mnzake womugula nsomba wataya mwamuna. Akalowa ndi "Muli bwanji?", wamusenzetsa wamasiyeyo katundu, pakuti mwambo umamukakamiza kuyankha kuti ali bwino pamene mtima uli zidutswa. Akawonjeza "Anadwala chiyani?", wamubwezera ku ululu umene waufotokoza kale kambirimbiri.

Salamu ili ndi nzeru ina. "Assalamu alaikum" safunsa kanthu. Ndi duwa yopempha mtendere, ndipo namfedwa angathe kuilandira ngakhale misozi ili m'maso. Kwa amene si Msilamu, mashehe amasiyana maganizo pa za kuyamba ndi salamu, koma chilankhulo chathu chili nawo mawu oyenera: "Pepani, mayi." Mayi uja avule nsapato, akhale pamphasa pafupi ndi mnzake, amugwire dzanja, anene mawu awiriwo motsitsa, kenako akhale chete. Wamasiye akafuna kulankhula, ayamba yekha. Mukaona akuyang'ana kumbali ndi kuyankha mwachidule, dziwani kuti mafunso achuluka.

Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaimirira pamene maliro a Myuda ankadutsa, ndipo anakazonda mnyamata wa Chiyuda amene ankadwala. Pamene Jafar anaphedwa ku nkhondo ya Muuta, analamula kuti banja lake aliphikire chakudya, popeza chisoni chinali chitawatangwanitsa. Palibe amene akukupemphani kuchita nawo miyambo yosemphana ndi chikhulupiriro chanu. Kupepesa ndi kusiya kambale ka ufa si kupembedza.

Chimene timaiwala kwambiri ndi masiku otsatira. Takiziya timaizolowera m'masiku atatu oyamba, pamene pakhomo pali chinamtindi cha anthu. Patapita mwezi, alendo atabalalika, wamasiye amatsala yekha ndi munda wosalima, ndipo ena amamulambalala panjira posowa chonena. Apo ndiye mpofunika moni. Mayi wa usipa akabweranso pamsika, apatuke, aodire pakhomo, anene kuti, "Ndimati ndikuoneni." Asadikire yankho lalitali. Kufika kwakeko kwanena zonse.