Akaunti ya gemu imabwerera kwa amene ali ndi umboni

Foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi, ambirife timalira zithunzi ndi manambala a anzathu. Za gemu timazikumbukira mochedwa, tagula kale foni ina, ndipo m'pamene timapeza kuti akaunti yomwe tinaimanga kwa zaka zinayi ikufuna khodi. Khodiyo yatumizidwa ku imelo yomwe tinaiwala pasiwedi yake, ndipo imeloyo nayo ikufuna khodi ina yopita ku nambala yomwe inapita ndi foni ija. Zikatere timakwiyira kampani ya gemuyo kuti ndi youma mtima. Ife tikuona kuti kampani imachita bwino kukana kungokhulupirira mawu athu, ngakhale kuti kukanako kumapweteka ena osalakwa.

Titenge chitsanzo cha Clash of Clans, gemu yomwe kampani ya ku Finland ya Supercell inatulutsa mu 2012. Akaunti yake imasungidwa pa Supercell ID, ndipo munthu akamalowa pa foni yatsopano salemba pasiwedi. Amalemba imelo, n'kulandira khodi ya manambala 6 pa imelo yomweyo. Ndiye kuti amene ali ndi imeloyo ndiye ali ndi mudzi wonse wa m'gemumo. Tiyerekeze wophunzira wa chaka chachitatu yemwe anatsegula akaunti yake ali ku sekondale, pa Gmail yomwe anamutsegulira msuweni wake, yolumikizidwa ku simukhadi yomwe inalembetsedwa m'dzina la amayi ake. Foni yabedwa pa depoti. Ayambire pati?

Ambiri amathamangira kulembera Supercell. Kumeneko n'kuyambira kunsonga. Zinthu zitatuzi zamangirirana, nambala, imelo ndi gemu, ndipo yosavuta kubweza ndi nambala, chifukwa ndi yokhayo yomwe munthu angaitsatire ndi miyendo n'kuonana ndi munthu maso ndi maso. Kuyambira 2018 masimukhadi m'dziko muno amalembetsedwa ndi chiphaso, choncho a Airtel kapena a TNM amapereka simukhadi ina ya nambala yomweyo kwa mwini wake wolembetsedwa. Kwa wophunzira wathuyu mwini wakeyo ndi amayi ake, ndipo afunika kuwapempha kuti apite okha ndi chiphaso chawo cha unzika. Asazengereze. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitenga n'kuigulitsa kwa munthu wina, ndipo kuyambira tsiku limenelo makhodi a imelo ija amafikira mlendo.

Nambala ikakanika, atembenukire ku imelo. Tsamba lake ndi g.co/recover. Google imayang'ana ngati wopemphayo akufanana ndi munthu yemwe inkamudziwa, choncho ndi bwino kuyesa pa kompyuta kapena foni yomwe imeloyo inatsegulidwapo kale, pamalo pomwe ankaigwiritsira ntchito kawirikawiri. Akafunsidwa pasiwedi, alembe yomaliza yomwe akuikumbukira ngakhale ikhale yakale, ndipo akafunsidwa khodi ya pa nambala yotayika asankhe Try another way. Apanso nthawi siidikira: malamulo a Google amalola kufufuta akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, ndipo kufufutako kunayamba mu Disembala 2023.

Zonsezi zikalephera m'pamene munthu amagogoda kwa Supercell. Amaika gemuyo pa foni yatsopano, amadutsa maphunziro oyambirira, kenako amalowa pa Settings n'kusankha Help and Support, n'kulemba kuti wataya akaunti. Apa ndiye pali mayeso enieni. Amafunsidwa chizindikiro cha akauntiyo choyamba ndi #, dzina la wosewera, msinkhu wa Town Hall, gulu lomwe anali nalo, nthawi ndi dera lomwe akauntiyo inatsegulidwira, mafoni omwe anasewererapo, komanso lisiti la zomwe anagula m'gemumo, makamaka loyamba. Pa Android nambala ya lisitilo imayamba ndi GPA.

Taonani mmene mafunsowa alili. Dzina, chizindikiro, gulu ndi msinkhu wa Town Hall, aliyense wosewera naye angazione. Wakuba nayenso angazikopere pa mphindi imodzi. Zomwe zimasiyanitsa mwini ndi wakuba ndi zija zosaoneka poyera: foni yoyamba inali yamtundu wanji, mwezi wanji, tauni iti, lisiti liti. Tsopano tidziike kumbali inayo. Kampani itati izipereka akaunti kwa aliyense wolemba uthenga womvetsa chisoni, akaunti ya wophunzira wathuyu ikanatengedwa kalekale foni yake isanabedwe n'komwe. Chitseko chomwe chikumutsekera kunja lero ndi chomwecho chomwe chinamutchinjiriza zaka zinayi.

Nchifukwa chake timati polemba pempho, munthu alembe zomwe akudziwa, ndipo pomwe sakukumbukira bwino anene kuti akungoyerekeza. Kulemba kuti "ndinayamba cha mu 2021, nthawi ya tchuthi, pa foni ya Itel, ndili ku Zomba" kuli ndi mphamvu kuposa kupeka tsiku lenileni. Kutumiza mapempho angapo a mayankho osiyanasiyana kumaoneka ngati kuba, ndipo akaunti yatsopano yomwe munthu akulemberapo itha kutsekedwa. Chizindikiro cha # chikaiwalika, anzake a m'gulu angamuwerengere pa mndandanda wa mamembala.

Komabe sitibisa pomwe dongosololi limatipondereza. Umboni wolemera kwambiri ndi lisiti, ndipo ophunzira ambiri kuno amasewera osagula kanthu. Ena anagulapo kamodzi ndi khadi ya kubanki ya achimwene awo, lisiti n'kupita ku imelo yomwe yatayika ija. Wotereyu atha kupempha mwini khadiyo kuti apeze tsiku ndi ndalama zake pa sitetimenti ya kubanki, koma amene sanagulepo amangodalira zomwe akukumbukira, ndipo ena mwa iwo amakanidwa ali eni ake enieni. Zimenezi n'zowawa, ndipo tikanakonda makampani akanapereka kulemera kokwanira ku umboni wa anthu osalipira. Sitikuona kuti yankho lake n'kufewetsa mafunso.

Pali anthu awiri omwe sitingawalimbitse mtima. Woyamba ndi amene anayatsa Account Protection, yomwe imamangirira akaunti ku nambala ya foni n'kupereka makhodi osunga padera, koma makhodiwo sanawalembe paliponse. Chitetezochi chinapangidwa kuti wina aliyense asasinthe imelo ya akaunti pongolembera ogwira ntchito, choncho nambala ndi makhodi zikapitira limodzi, mwini wake nayenso amatsala panja. Wachiwiri ndi amene anagula akaunti kwa mnzake. Malamulo a gemu amaletsa malonda amenewa, ndipo mafunso onse aja amene angawayankhe ndi wogulitsayo, yemwe angathenso kuitenga tsiku lililonse.

Pomwe pali kulira sipasowa odyerapo. M'magulu a WhatsApp ndi Facebook muli anthu olonjeza kubweza akaunti mukawatumizira ndalama pa foni. Anthu amenewa alibe njira yolowera m'makompyuta a Supercell kapena a Google. Akapempha khodi yomwe yafika pa foni yanu, dziwani kuti akutsegula imelo yanu yatsopano kapena WhatsApp yanu.

Makolo ndi akulu ampingo ena anganene kuti ndi masewera chabe, atayike. Za gemuyo tingatsutsane tsiku lina. Koma imelo yomweyo ndi yomwe ambiri analembetsera sukulu ndi kufunsira ntchito, ndipo ena anamangirira magemu awo ku imelo ya pakoleji, yomwe masukulu ambiri amaitseka munthu akamaliza maphunziro. Amene akadali ndi zonse m'manja sabata ino afufuze kuti nambala yake inalembetsedwa m'dzina la ndani, aike imelo yachiwiri pa akaunti yake ya Google, ndipo alembe m'kope makhodi 10 osunga padera omwe Google imapereka kwa amene anayatsa 2-Step Verification, pamodzi ndi chizindikiro cha # ndi nambala ya lisiti loyamba. Kopelo lizikhala m'sutikesi, chifukwa chithunzi cha makhodi chosungidwa m'foni chimabedwa limodzi ndi foniyo.