Nkhope ya pa chiphaso si yokongoletsa

Masiku ano pafupifupi paliponse pamene pali msika pali wojambula zithunzi. Pa boma pa Ntcheu, pa Kampepuza, pa Lizulu, mupeza mnyamata ali ndi kamera, kompyuta ndi kamakina kosindikizira, ndipo mphindi khumi zisanathe chithunzi chatuluka. Zimenezi n'zabwino ndithu. Chimene chatidetsa nkhawa ife ndi kafunso kamene kafala m'masitudiyomu: "Ndikukonzeni pang'ono?" Munthu akangogwedeza mutu, chipsera chachoka, khungu layera, mphuno yaonda, ndipo amene anabwera atavala malaya a mpira akutuluka pa pepala ali mu jekete ndi tayi.

Pa chithunzi cha ukwati kapena chopachika pabalaza, palibe mlandu. Koma pa chithunzi cha pasipoti, viza, chitupa cha mayeso kapena chiphaso china chilichonse, kukonza kotereku n'kudzitchera msampha wekha, ndipo nthawi zina n'kupalamula mlandu weniweni.

Tiyambe ndi ntchito ya chithunzicho. Chithunzi cha pa chiphaso chili ngati sikelo ya pamsika. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuti munthu amene sakudziwani, sadziwa mfumu yanu, sadziwa mayi anu, athe kunena kuti mwini pepalali ndi yemweyu waima apayu. Kumudzi kwanu ku Tsangano kapena kwa Ganya simufuna chithunzi chifukwa aliyense akudziwani kuyambira muli wakhanda. Koma pa chipata cha Biriwiri, pa Dedza, pa Nyamapanda kapena pa Beitbridge, mboni yanu ndi kapepala kaja. Wokhotetsa sikelo timamutcha wakuba ngakhale atanena kuti amangofuna kuti sikeloyo ioneke bwino.

Malamulo a zithunzizi sanapekedwe ndi a Imigireshoni a kuno kwathu pofuna kutivutitsa. Amachokera ku bungwe loona za maulendo a pandege pa dziko lonse la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo mayiko amawatsatira kuti pasipoti ya dziko lina iwerengeke kulikonse. Mfundo zake n'zosavuta: nkhope iyang'ane kutsogolo, maso otsegula, pakamwa potseka, kumbuyo kopanda zojambula, kuwala kofanana mbali zonse, ndipo chithunzi chikhale chaposachedwa, kawirikawiri chosapitirira miyezi 6. Pamwamba pa zonse, nkhope ikhale monga ilili.

Ena afunsa kuti: nanga si masiku ano a boma amajambula okha? Zoona. Pa kalembera wa chiphaso cha unzika wa mu 2017, pamene bungwe la NRB linalemba aMalawi oposa 9 miliyoni, aliyense anajambulidwa pomwepo n'kutengedwa zidindo za zala. Pa pasipoti namonso, munthu amajambulidwa ku ofesi ya Imigireshoni. Komatu ichi ndiye chifukwa chake chithunzi chokonzedwa chimagwidwa msanga. Nkhope yanu yeniyeni ili kale m'kaundula wa boma ndi m'pasipoti. Chithunzi chilichonse chimene mungapereke pambuyo pake, cha viza, cha chilolezo chogwirira ntchito kapena chophunzirira kunja, chidzaikidwa pambali pa chimenecho.

Tiyerekeze mayi wa geni wa pa Ntcheu amene wakhala akupikula katundu ku Joni, tsopano wasonkhanitsa mpamba ndipo akufuna kukapikula ku Guangzhou. Viza ya ku China imafuna chithunzi cha mamilimita 33 m'lifupi ndi 48 m'litali, kumbuyo koyera. Mayiyu ali ndi chipsera pamwamba pa nsidze yakumanzere, timphini tiwiri pambali pa diso, ndi khungu lakuda bwino. Wojambula, pofuna kusangalatsa kasitomala, wafufuta chipsera ndi mphini, wayeretsa khungu, wachepetsa masaya, wakulitsako maso pang'ono. Mayi wasangalala, walipira, wapita ku Lilongwe.

Wolandira mafomu ali ndi nkhope zitatu patsogolo pake: ya mu pasipoti, ya pa chithunzi chatsopano, ndi ya mayi mwini wakeyo. Ziwiri zili ndi chipsera, chimodzi chilibe. Zikayenda bwino, angomubweza kuti akajambulitsenso. Apo ndiye kuti ndalama ya minibasi yapita, tsiku la geni lapita, mwinanso tsiku la ndege layandikira. Zikavuta, wolandirayo ayamba kudzifunsa kuti kodi chithunzichi n'cha mayiyu kapena cha mng'ono wake? Ndipo munthu akayamba kukayikiridwa pa chinthu chimodzi, mapepala ake onse amayang'anidwa ndi diso lina.

Zimene wojambula uja anafufuta ndi zomwe zimasiyanitsa mayiyo ndi anthu ena onse. Tsitsi limasintha, thupi limanenepa n'kuondanso, koma chipsera, mphini, kadontho kakuda kobadwa nako, kaumbidwe ka khutu, zimenezi zimakhala zaka ndi zaka. Wogwira ntchito pa chipata amaphunzitsidwa kufunafuna zoterezi. Mukazichotsa mwamulanda chogwirira.

Makina nawonso ali ndi njira yawo. Pa mabwalo a ndege ambiri, kamera imajambula nkhope yanu, kompyuta n'kuisandutsa manambala otengera kaumbidwe kake, monga kutalikirana kwa maso, kukula kwa mphuno ndi mmene chibwano chakhalira, kenaka n'kufanizira ndi manambala a chithunzi chosungidwa. Kachiphuphu kamodzi sikasokoneza makina. Koma kuchepetsa masaya, kuwongola mphuno ndi kukulitsa maso kumasuntha miyezo yeniyeniyo. Kuyeretsa khungu mopyola nako kumameza mizere ya nkhope imene makina amadalira. Manambala akasiyana kwambiri, chitseko sichitseguka, ndipo mukukhala pa benchi anzanu akunyamula zikwama.

Pali chifukwa china chachikulu chimene mayiko akanira chithunzi chogwidwagwidwa, ndicho kusakaniza nkhope. Mu 2014, akatswiri a pa yunivesite ya Bologna ku Italy anaonetsa kuti mungathe kutenga zithunzi za anthu awiri ofananako, n'kuzisakaniza pa kompyuta kukhala nkhope imodzi imene makina aivomereza kuti ndi ya onse awiri. Ndiye kuti munthu wopanda mlandu atha kutenga pasipoti yeniyeni, yosainidwa ndi boma, koma woyendera akhale mnzake wofunidwa ndi apolisi. Mu 2018 gulu lina la ku Germany lotchedwa Peng linachitadi zimenezi: mmodzi wa iwo analandira pasipoti yokhala ndi nkhope yake yosakanizidwa ndi ya Federica Mogherini, yemwe panthawiyo anali mkulu woona za ubale wa mayiko a ku Ulaya ndi mayiko akunja. Dziko la Germany linasintha malamulo, ndipo kuyambira mu 2025 linalamula kuti chithunzi chizijambulidwa ku ofesi ya boma kapena kutumizidwa pa makina ndi wojambula wovomerezeka, osati kubwera nacho m'thumba.

Tsono wa pa chipata alibe njira yodziwira mtima wanu. Chithunzi chosalazidwa pofuna kukongola ndi chithunzi chosakanizidwa pofuna kuzembetsa chigawenga zimasiya zizindikiro zofanana. N'chifukwa chake lamulo limangoti zonse ayi.

Nanga mlandu umayambira pati? Apa tisakokomeze. Mtsikana amene wafufuta ziphuphu sitinganene kuti mawa lomwe ali ku ndende. Kawirikawiri chithunzi chake chingokanidwa. Mlandu umabwera pamene pali cholinga chonyenga. Malamulo a dziko lino a milandu ya upandu amati kupanga chikalata chabodza n'cholinga chobera kapena kunyenga ndi mlandu, ndipo kusintha chikalata chenicheni popanda chilolezo kuli m'gulu lomwelo. Kupereka chikalata chotero ukudziwa kuti n'chabodza ndi mlandu pawokha, ndipo kudziyesa munthu wina ndi mlandu winanso. Choncho mnyamata amene wamatula chithunzi cha mkulu wake pa chiphaso n'kumatapo chake kuti awolokere ku Joni, wophunzira amene waika nkhope ya mnzake wanzeru pa chitupa kuti akamulembere mayeso, ndi wojambula amene wawathandiza akudziwa, onsewa chilango chawo chikhoza kukhala ndende. Ukagwidwira kunja, ukuweruzidwa ndi malamulo a eni dziko, kutali ndi abale okuonera, ndipo mapeto ake ndi kuthamangitsidwa n'kuletsedwa kubwereranso.

Pa pasipoti za makono, zimene Malawi anayamba kupereka mu 2020, kumatula chithunzi n'kutaya nthawi. M'kati mwake muli katchipi kosunga chithunzi chomwecho, kotsekedwa ndi siginecha ya boma ya pa kompyuta. Mukasintha cha papepala, cha mu tchipi chikutsutsani pa sikirini.

Pali dandaulo limodzi limene tiyenera kulimva, chifukwa n'loona. Makamera ambiri, makamaka a m'foni, sajambula bwino khungu lakuda. M'kachipinda ka mdima nkhope imatuluka ngati chikuni, maso okha mbee. Wojambula akamati "ndiwalitseko" nthawi zina akukonza vuto lenileni. Koma mankhwala ake ndi kuwala kokwanira pojambula, osati kupaka pa kompyuta. Imani moyang'ana kumene kuwala kukuchokera, talikiranani pang'ono ndi khoma kuti mthunzi usagwere kumbuyo, ndipo chikatuluka choipa, jambulitsaninso. Kudula chithunzi kuti chikwane muyezo n'kololedwa. Duku kapena chisoti cha chipembedzo chimaloledwa bola nkhope yonse, kuchokera pachipumi mpaka kuchibwano, ikuoneka. Ngati mukufuna jekete, valani jekete, osati lomata. Ngati magalasi akunyezimira, avuleni. Dziko la America linaleka kulandira zithunzi za magalasi pa viza ndi pasipoti mu 2016. Kuwafufuta pa kompyuta ndiye kolakwa, chifukwa wojambula akuchita kukupekerani maso.

Musanalipire, chiyang'anitsitseni chithunzicho. Khungu likakhala losalala ngati kandulo, lopanda timabowo ndi timizere, chagwidwa. M'mbali mwa tsitsi ndi makutu mukaoneka kamzere kowala kapena modukaduka ngati mwadulidwa ndi lumo, ndiye kuti kumbuyo anamata. Khosi likakhala lakuda nkhope ili yoyera, kapena kolala ilibe mthunzi pansi pa chibwano, musachilandire. Ndipo funsani funso losavuta: chipsera changa chili kuti?

Kwa anzathu ojambula, mawu ndi awa: inu ndi amene mukudziwa ntchitoyi, kasitomala sadziwa. Mufunseni kaye kuti chithunzi n'chantchito yanji. Akati n'cha chiphaso, manja anu achoke pa zokongoletsera, ngakhale atakunyengererani chotani. Mungathe kumupangira china chokongola choti akapachike kunyumba, ndipo ndalama mwapeza kawiri.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chimene anzanu akuchiyamikira pa foni n'chomwecho chingakusiyeni pa chipata basi itanyamuka ndi katundu wanu. Pa chiphaso, lolani kuoneka monga mmene mudzaonekere mutatsika basi ya masiku awiri, chifukwa nkhope imeneyo ndi yomwe adzaione.