Pip sanalakwe chifukwa cha matama okha

Funsani ophunzira khumi amene anawerenga Great Expectations ya Charles Dickens kuti bukuli likunena chiyani, asanu ndi anayi adzakuyankhani mofanana: Pip anali mwana wosauka, anapeza ndalama, anayamba matama, kenako anagwa n'kuphunzira kudzichepetsa. Yankholi limakhozetsa mayeso, koma ndi laulesi. Limasandutsa buku lofufuza gwero la chuma kukhala ulaliki wa Lamlungu. Ine ndikuti bukuli, lomwe linatuluka m'zigawozigawo kuyambira mu 1860 mpaka mu 1861, funso lake lenileni ndi ili: kodi ndalama zimene njonda imadya osagwira ntchito zimachokera kwa yani?

Pip anakulira pachipala cha mlamu wake Joe Gargery, wosula zitsulo. Loya wa ku London, Jaggers, akubwera kudzamuuza kuti munthu wina wosadziwika akufuna kumusandutsa njonda. Pali lamulo lolimba: asafunse kuti mwini ndalamayo ndi ndani. Pip akakwanitsa zaka 21 akuyamba kulandira mapaundi 500 pachaka. Nanga akuchita nazo chiyani? Akugula zovala ndi mipando, akulowa kalabu ya anyamata odya ndi kukangana, akulemba wantchito amene iye mwini akusowa chomupatsa kuti achite, ndipo ngongole zikuchuluka. Saphunzira luso lililonse lodyera. Unjonda wake wonse wagona pa kusagwira ntchito.

Lamulo loletsa kufunsa lija ndiye mtima wa nkhani. Karl Marx, m'buku loyamba la Capital la mu 1867, anafotokoza kuti pamsika katundu ndi ndalama zimaoneka ngati zili ndi mphamvu pazokha, pomwe kuseri kwake kuli anthu amene anakhetsa thukuta. Ndalama ikafika m'thumba mwako siinena kumene yadutsa. Pip akukhala zaka zambiri mumdima womwewu, ndipo ofesi ya Jaggers ilipo kuti mdimawo usachoke: ndalama zimalowa khomo lina zili ndi mwini, n'kutulukira khomo lina zilibe dzina.

Posadziwa choona, Pip akudzipangira nthano yake. Akukhulupirira kuti womuthandizayo ndi Miss Havisham, mayi wachuma wa ku Satis House. Ali ndi zaka 23, mwini ndalama weniweni akutulukira usiku wamvula: Abel Magwitch, mkaidi amene Pip ali mwana anamubera chakudya kumadambo. Magwitch anathamangitsidwira ku New South Wales, anayamba ngati mbusa waganyu wokhala yekha m'kanyumba, kenako anakhala mlimi wa nkhosa wolemera. Pip akunyansidwa, ndipo akukana kulandiranso ndalama zake.

Apa ndi pamene otilalikira za kudzichepetsa amathawa. Tiyeni tiike ndalama ziwirizi pasikelo. Za Miss Havisham ndi zosiyiridwa, zochokera kufakitale yofulula mowa ya bambo ake. Iye sanafululepo mowa. Anafulula ndi antchito amene bukuli silitchula ngakhale dzina la mmodzi, ndipo Pip akamayendayenda pabwalopo akupeza migolo yopanda kanthu basi. Za Magwitch, mbali yake yoyamba, ndi za munthu amene anagwiradi ntchito ndi manja ake. Komabe kwa Pip zoyambazo n'zoyera, zachiwirizo n'zauve. Kusiyana kwake n'kumodzi: pa ndalama za Havisham thukuta linauma kalekale, pomwe pa za Magwitch mwini thukuta waima m'chipinda, akudya mosusuka, akufuna kugwira dzanja la njonda yake. Chimene chikumuwawa Pip ndicho kuona ndi maso wantchito amene wakhala akumudyera. Maganizo otere sanabadwe nawo. Anawaphunzira kwa gulu limene ankafuna kulowamo, gulu loyesa ulemu wa munthu potengera kutalika kwa mtunda pakati pa iye ndi ntchito imene imamudyetsa.

Wina anganene kuti ndikukakamiza Marx pa nkhani ya mtima wa munthu mmodzi. Ndiye tipite kukhoti. Magwitch ndi mnzake Compeyson anazengedwa mlandu umodzi. Compeyson, amene anali mtsogoleri wa chinyengocho, anali wophunzira, wovala bwino, wodziwa kulankhula, ndipo analandira zaka 7. Magwitch, wokula akuba kuti adye, analandira zaka 14. Apa palibe matama a Pip. Pali woweruza amene akuwerenga gulu la munthu pa jekete lake. Magwitch anatolapo phunziro lomveka: unjonda ndi katundu, ndipo katundu amagulidwa. Popeza iye sakanatha kuuvala, anaganiza zodzigulira njonda yakeyake. Pip ankadziona ngati wosankhidwa, pomwe anali chinthu chogulidwa.

Mapeto a chumacho akutsimikiza zomwezi. Munthu wothamangitsidwa moyo wake wonse akabwerera ku England chilango chake chinali imfa, ndipo chuma cha wopezeka ndi mlandu waukulu chinkalandidwa ndi boma, mwambo umene unathetsedwa mu 1870. Magwitch akugwidwa, akufera m'chipatala cha ndende, ndipo zonse zimene anasonkhanitsa zikupita kuboma lomwe linamuthamangitsa. Pip akutsala ndi ngongole, ndipo akuilipira ndi Joe, kuchokera pa zimene anasunga posula zitsulo. Kawiri konse njondayo yanyamulidwa ndi munthu wa zikhatho zokhakhala.

Koma tisamuveke Dickens chipewa chimene sanavale. Marx anamuyamikira mu 1854 pamodzi ndi alembi ena a ku England chifukwa choulula khalidwe la anthu apakati, koma Dickens sanali wotsatira Marx, ndipo kuwerenga kwa Marx kumatithandiza kuona pamene iye analekezera. Pachipala cha Joe pali waganyu weniweni, Orlick, wopanda chipala chake, wodalira malipiro. Dickens akumupanga chigawenga chopanda chifukwa chomveka. Wosauka wabwino m'bukuli ndi amene ali ndi kamalo kake ndipo sadandaula. Komanso nkhosa za Magwitch zinkadya msipu pa malo olandidwa kwa eni dziko la Australia, ndipo bukuli silitchulapo. Pomaliza Pip akupulumukira kukampani ya Clarriker yochita malonda ku Igupto, kumene anamugulira malo mnzake Herbert ndi ndalama za Magwitch, zotsalazo n'kumalizidwa ndi mapaundi 900 a Miss Havisham. Akutchedwa munthu wokonzeka chifukwa tsopano ndi kalaliki wakhama, koma phindu la kampaniyo likuchokerabe kutali, kwa anthu amene sitiwaona. Lamulo la Jaggers loletsa kufunsa likugwirabe ntchito, ndipo pano wolitsatira ndi wolemba buku mwini.

N'chifukwa chake yankho la kudzichepetsa ndimalikana. Limatiuza kuti Pip akanangolembera Joe makalata pafupipafupi, zonse zikanakhala bwino. Koma Pip waulemu, wopita kumudzi Khirisimasi iliyonse atanyamula mphatso, akanadyabe mapaundi 500 a munthu wina pachaka, ndipo Magwitch akanalandirabe zaka 14 pamene Compeyson walandira 7. Mukadzafunsidwanso za bukuli, yambani mwatsata ndalamazo kubwerera nazo m'mbuyo mpaka mutapeza amene anazigwirira ntchito, ndipo mukatero mpamene munganene za mtima wa Pip.