Chifalansa sichikonda zilembo zazikulu: Lolemba ndi lundi basi

Tiyerekeze kuti mtsikana wa pa Phalombe Boma akuphunzira Chifalansa pa foni, ndipo akufuna kulemba kalata yofunsira malo a maphunziro kudziko lina lolankhula chilankhulochi. Wakonza ndime yodzifotokozera motere:

Je suis Malawite. J'habite à Phalombe. Je parle Chichewa, Lomwe et Anglais. J'apprends le Français depuis Janvier. J'ai cours le Lundi et le Jeudi.

Tanthauzo lake n'lakuti: ndine Mmalawi, ndimakhala ku Phalombe, ndimalankhula Chichewa, Chilomwe ndi Chingerezi, ndakhala ndikuphunzira Chifalansa kuyambira Januwale, ndipo ndimaphunzira Lolemba ndi Lachinayi. Mawu onse ndi olondola, palibe chilembo chosowa. Koma munthu wodziwa Chifalansa apezamo malo asanu ndi atatu ofunika kukonza, ndipo onsewo vuto lake ndi limodzi: chilembo chachikulu chaikidwa pomwe pafunika chaching'ono. Kalata yonena kuti mumadziwa Chifalansa ikadzaza ndi zoterezi, imadzitsutsa yokha.

Vutoli timalitengera kusukulu. M'Chingerezi tinazolowera kuyamba mayina a masiku, a miyezi ndi a zilankhulo ndi chilembo chachikulu. M'Chichewa n'chimodzimodzi: timalemba Lolemba, Malichi, Chitumbuka. Ndiye dzanja limangopita lokha. Chifalansa chimaona mawu amenewa ngati mayina wamba, ofanana ndi mpando kapena nthochi. Lolemba limabwera sabata iliyonse, choncho si dzina la chinthu chimodzi ngati mmene lilili dzina loti Phalombe.

Tiyambe ndi masiku ndi miyezi, chifukwa apa mpophweka. Masiku ndi lundi, mardi, mercredi, jeudi, vendredi, samedi ndi dimanche. Miyezi imayambira pa janvier mpaka pa décembre, yonse ndi chilembo chaching'ono. Dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira Lolemba pa 6 Julayi 1964, ndipo Mfalansa amalemba kuti: Le Malawi est devenu indépendant le lundi 6 juillet 1964. Taonani kuti zilembo zazikulu zilipo ziwiri zokha, choyambira chiganizo ndi cha dzina la dziko. Pamwamba pa kalata n'chimodzimodzinso: Phalombe, le 6 mars 2025.

Komabe musafike pomaliopa chilembo chachikulu. Tsiku likakhala poyambira chiganizo limalandira chachikulu ngati mawu ena aliwonse: Lundi, je vais à Blantyre. Chimabweranso dzinalo likakhala la chikondwerero. Lachisanu Loyera ndi le Vendredi saint, ndipo Afalansa akamanena za tsiku lokondwerera dziko lawo amalemba le 14 Juillet, pomwe tsiku wamba la mwezi womwewo ndi le 15 juillet.

Zilankhulo nazo zilibe chovuta. Ndi le français, l'anglais, le portugais, le chichewa, le lomwe, zonse ndi chaching'ono. Zimaoneka zachilendo kuona dzina la chilankhulo chathu litalembedwa chonchi, koma si chipongwe ayi. Chilankhulo chawo chomwe amachilembanso motero.

Pomwe pagona nkhani ndi pa mitundu ya anthu. Ambiri anamva kuti m'Chifalansa mtundu wa munthu umalembedwa ndi chilembo chaching'ono, n'kuthera pomwepo. Zoona zake n'zakuti zimatengera ntchito yomwe mawuwo akugwira m'chiganizo. Akakhala mfotokozi, kutanthauza kuti akufotokoza za chinthu kapena munthu, amalembedwa ndi chaching'ono: le thé malawite, tiyi wa ku Malawi, une étudiante mozambicaine, wophunzira wamkazi wa ku Mozambiki. Koma mawu omwewo akaima paokha ngati dzina la munthu wa dzikolo, amalandira chachikulu: un Malawite, une Mozambicaine, les Congolais.

Ife olankhula Chichewa tili ndi njira yachidule yomvetsera zimenezi. Taganizirani mawu awa: Mlomwe, Chilomwe, gule wachilomwe. Ife timasiyanitsa munthu, chilankhulo ndi chinthu posintha chiyambi cha mawu. Chifalansa sichisintha mawuwo, ntchito imeneyi chimaisiyira chilembo choyamba. Munthu ndi un Français, chilankhulo ndi le français, ndipo buledi wa kwawoko ndi le pain français. Ndiye mukakayika, tembenuzirani mawuwo m'Chichewa chamumtima. Akatuluka ndi M kapena A, monga Mfalansa kapena Afalansa, ndipo kutsogolo kwake kuli un, une kapena les popanda dzina lina lomwe akulifotokoza, lembani chachikulu. Akatuluka ndi Chi, kapena akamveka ngati "wa ku", lembani chaching'ono.

Kodi kusiyana kumeneku kuli ndi ntchito? Onani ziganizo ziwiri izi. Je ne comprends pas le français chikutanthauza kuti sindimva Chifalansa. Je ne comprends pas le Français chikutanthauza kuti sindikumumvetsa Mfalansa uja. Polankhula zimamveka mofanana ndendende. Polemba, chilembo chimodzi chokhacho ndicho chikunena ngati vuto lanu ndi chilankhulo kapena ndi munthu.

Nanga chiganizo choyamba cha mtsikana wathu uja? M'chiganizo cha je suis malawite mulibe un kapena une, choncho mawuwo amatengedwa ngati mfotokozi, ndipo njira yosakulowetsani m'mavuto ndi kulemba chaching'ono. Mukaikapo une, zinthu zimasintha: je suis une Malawite. Mudzakumananso ndi malawien ndi malawienne, omwenso amagwiritsidwa ntchito ponena za ife, ndipo lamulo lake ndi lomweli. Ndime ija ikakonzedwa ikhala motere:

Je suis malawite. J'habite à Phalombe. Je parle chichewa, lomwe et anglais. J'apprends le français depuis janvier. J'ai cours le lundi et le jeudi.

Zilembo zazikulu zatsala poyambira ziganizo ndi pa Phalombe basi. Akafuna kuwonjezera za kwawo, akumbukire kuti mawu oti phiri, nyanja ndi mtsinje nawonso sakwera: le mont Michesi, le lac Chilwa, la rivière Phalombe. Chomwe chimalandira chilembo chachikulu ndi dzina lenilenilo. Komanso je, kutanthauza ine, amakhala wamng'ono pakati pa chiganizo, mosiyana ndi mnzake wa m'Chingerezi uja amene amaima chilili paliponse.

Chomaliza ndi foni yanuyo. Kiyibodi ikakhala pa Chingerezi siwadziwa mawu a Chifalansa, ndiye imawasintha mwakufuna kwake. Mukalemba mars, mwezi wa Malichi, ikhoza kukuikirani Mars poganiza kuti mukunena za pulaneti. Ngati mumagwiritsa ntchito Gboard, lowani pa Settings, kenaka Languages, dinani Add keyboard n'kusankha French. Mukatero mupezanso mosavuta zilembo zokhala ndi tizizindikiro pamwamba monga é, è ndi à. Tizizindikiroti sitichoka chilembo chikakula, ndiye chiganizo choyamba ndi "ku Phalombe" chimalembedwa À Phalombe.

Musanatumize kalata kapena kupereka pepala la mayeso, iwerengeninso kamodzi mukuyang'ana zilembo zazikulu zokha. Pa chilichonse dzifunseni mafunso atatu: kodi chikuyamba chiganizo? Kodi ndi dzina lenileni la munthu, malo, bungwe kapena chikondwerero? Kodi ndi munthu wa mtundu wina ataima payekha? Mayankho onse atatu akakhala ayi, chitsitseni.